Kumasulira pepala la kasinthidwe ka sefa pa chigayo cha fakitale

Fakitale ina yaing'ono pafupi ndi Dedza boma, yomwe imagaya ufa ndi chakudya cha nkhuku, inandipatsa masamba awiri a Chingelezi kuti ndiwaike m'Chichewa. Anali malangizo a kasinthidwe ka sefa pa chigayo. Bwana wake ankaona ngati ndi ntchito ya ola limodzi, koma inanditengera masiku atatu, ndipo ambiri mwa masikuwo ndinali nditaima pafupi ndi chigayocho, ufa uli mbuu m'mutu. Zomwe ndikulemba panozi ndi njira yomwe ndimatsata tsopano ndikalandira pepala lotere.

Choyamba mvetsani chomwe chili pangozi. M'mimba mwa chigayo muli nyundo zachitsulo zomwe zimazungulira maulendo pafupifupi 3,000 pa mphindi imodzi, n'kumaphwanya chimanga mpaka chidutse m'timabowo ta sefa. Pa fakitale imeneyi ufa ankagayira sefa ya mamilimita 1, chakudya cha nkhuku sefa ya mamilimita 3, ndiye tsiku lina ankasintha kawiri kapena katatu. Posintha sefa, dzanja limalowa momwe mumadutsa nyundo zija. Pepala lonselo linalembedwa chifukwa cha chinthu chimodzi, kuti dzanja lisalowe nyundo zikuzungulira kapena zili zoti zitha kuyamba kuzungulira. Mzere uliwonse womwe mwamasulira muziuyeza ndi funso limeneli.

Pitani kaye kukaona makinawo

Musayambire pa tebulo. Pemphani kapitawo akuyendetseni, pepala lachingelezi lili m'manja, ndipo chilichonse chomwe pepalalo latchula muchiloze ndi chala n'kufunsa woyendetsa chigayo kuti, "Achimwene, ichi mumachitcha chiyani kuno?" Lembani dzina lomwe wakuuzanilo, ngakhale lisakhale lomwe mumalikonda. Anyamata a pa chigayo chija amati lamba, pule, mota, sefa, mabawuti, sipanala, loko, kiyi. Mukalemba "chingwe choyendetsa makina" m'malo mwa lamba, wina adzapita kukayang'ana waya wa magetsi.

Paulendo umenewu ndi pomwe ndinapeza kuti chigayocho chinali ndi malo awiri ozimitsira. Pafupi ndi woyendetsa panali bokosi la mabatani awiri, lina lolembedwa START, lina STOP. Pakhoma, mapazi angapo kuchokera pamenepo, panali swichi yaikulu ya chogwirira, yolembedwa ON ndi OFF, yokhala ndi kabowo kolowetsapo loko. Batani la STOP limangoimitsa mota, magetsi amakhala adakali pakhomo kudikira wina adine START. Swichi yaikulu ndi imene imadula magetsi opita ku chigayo. Chingelezi chinali ndi mawu osiyana pa ntchito ziwirizi, pamene anyamatawo zonse ankangoti kuzimitsa. Ndikanakhala kunyumba ndikanalemba "zimitsani chigayo" malo onse awiri, ndipo munthu akanadina STOP n'kumati wamaliza.

Mawu olembedwa pa makina muwasiye momwe alili. Ngati batani lalembedwa STOP, lembani "batani lofiira lolembedwa STOP", chifukwa maso a wantchito adzafuna zilembo zinayi zomwezo. Mtundu wokha si wodalirika. Mawu oti "obiriwira" ena amawatchulanso pa chinthu cha buluu, komanso batani la pa chigayo pakatha chaka limakhala loyera ndi ufa.

Ntchito imodzi, liwu limodzi

Mukabwerako, musanamasulire mzere ngakhale umodzi, lembani pa kapepala mawu omwe mwasankha, ndipo musawasinthe mpaka kumapeto. Kusukulu anatiphunzitsa kuti kubwereza liwu ndi umphawi wa mawu. Pa pepala lotere kubwerezako ndiye kofunika, chifukwa wowerenga akaona liwu latsopano amaganiza kuti ndi chinthu chatsopano. Ine ndinasankha kuti "kuimitsa" kukhale kudina STOP, "kudula magetsi" kukhale kuika swichi yaikulu pa OFF, ndipo "kukiya" kukhale kulowetsa loko pa swichiyo. Liwu loti kuzimitsa, kaya kuthimitsa monga ena amanenera, ndinalichotseratu, popeza linali litanyamula kale matanthauzo awiri.

Msampha waukulu uli pa kutsegula ndi kutseka. Anthu a magetsi m'Chingelezi chawo akamanena za "kutsegula" swichi amatanthauza kulekanitsa mawaya kuti magetsi asadutse, ndipo "kutseka" ndi kuwalumikiza kuti magetsi ayende. Ife kwathu kuno timati "tsegulani wailesi timve nkhani", kutanthauza kuyatsa. Mzere wachitatu wa pepala lija, ukamasuliridwa liwu ndi liwu, unkatuluka kuti "Tsegulani swichi yaikulu". Chichewa chake n'chosalala bwino, palibe mphunzitsi angachichonge, koma chikuuza munthu kuti ayatse magetsi pa nthawi yomwe mwini pepala akufuna kuti awadule. Pa nkhani ya magetsi musalembe kutsegula kapena kutseka. Lembani chomwe dzanja lichite ndi chomwe diso lione: "Ikani swichi yaikulu pa OFF." Kutsegula ndi kutseka zisiyireni chivindikiro.

Chivindikirocho chili ndi vuto lakenso. Chigayo, chivindikiro, chotchingira lamba, chogwirira, zonsezi pozinena timati "chi". Mukalemba kuti "Chikaima, chitseguleni, kenako muchipukute", inu mukudziwa kuti choyamba ndi chigayo, chachiwiri chivindikiro, koma wowerenga watsopano sakudziwa. Tchulani dzina la chinthucho pa mzere uliwonse. Zimamveka ngati mukuyankhula ndi mwana, koma palibe wantchito anadandaulapo.

Kuika masitepe m'ndondomeko yake

Apa ndi pomwe ndichedwepo. Munthu wogwira ntchito sawerenga chiganizo chonse kaye. Amawerenga mawu oyamba, dzanja n'kuyamba kale kuyenda. Choncho chomwe chiyenera kuchitika poyamba chikhalenso choyamba pa mzere. Pepala lija linali ndi mzere womwe, m'kalembedwe kake, unkayamba ndi kutsegula chivindikiro n'kumalizira ndi kunena kuti izi zichitike pambuyo podula magetsi. Wina angamasulire kuti "Tsegulani chivindikiro mutadula magetsi." Zonse zilimo, koma liwu loyamba ndi "tsegulani", ndipo ndi lomwe limveke.

Njira yomwe ambiri amathawirako ndi ya "musana-": "Musanatsegule chivindikiro, dulani magetsi." Ndimaikana pa zifukwa ziwiri. Choyamba, kutsegula kwatchulidwabe poyamba. Chachiwiri, taonani mawu awiriwa: musanatsegule, musatsegule. Akusiyana ndi ka "na" kokha. Limodzi likuti mudzatsegula, koma chitani china kaye. Linalo likuletsa. Pepala likakhala pakhoma la chigayo, fumbi litamata, babu ali mmodzi, wowerenga ali wa sitandade 5 yemwe amawerenga molumikiza zilembo, ka "na" kameneka kamasowa kapena kuonekera pomwe palibe. Zikaonekera pomwe palibe ndiye zoopsa, chifukwa lamulo loletsa limasanduka chiyambi cha chilolezo. Ndiye pa pepala limodzi ndimalola "musa-" woletsa yekha, ndipo "musana-" sindimulola. Ndondomeko ndimaipereka ku manambala: 3 kudula magetsi, 7 kutsegula chivindikiro.

Ka "ka" nakonso n'kachinyengo. "Mukatsegula" ndi "mukatsegule" zimasiyana chilembo chomaliza, pamene loyamba likunena za nthawi, lachiwiri likukutumani. Ndipo "sefa ikang'ambika" itha kumveka kuti ing'ambika ndithu, tidikire, kapena kuti mwina ing'ambika. Pomwe pepala likupereka njira ziwiri, yambani ndi "ngati" ndipo nenani mbali zonse: "Ngati sefa yang'ambika, itanani kapitawo. Ngati sinang'ambike, pitani pa nambala 9." Mbali yachiwiriyo olemba ambiri amaisiya poganiza kuti n'njodziwikiratu, koma munthu akafika pamphambano popanda chikwangwani amasankha yekha.

Mawu oti "ndi", "ndipo", "komanso" sanena kuti chiyambe n'chiti. "Dulani magetsi ndipo mukiye swichi komanso muike chikwangwani" ndi ntchito zitatu m'thumba limodzi, ndipo yapakatiyo ndi yomwe imagwa. Nambala iliyonse inyamule ntchito imodzi. Vuto lake n'loti pepala lachingelezi lili ndi manambala ake, ndipo kapitawo kapena woyendera za chitetezo adzafuna kuika mapepala awiriwo pambali n'kumafananiza. Ngati sitepe 3 ya Chingelezi ili ndi ntchito zitatu, igaweni kuti 3a, 3b, 3c, kuti 4 ikhalebe 4 mbali zonse.

Nenaninso kuti wochita ndani. Chingelezi cha m'mafakitale chimakonda kubisa munthu, ndipo Chichewa chimatha kutsatira bwinobwino: "Swichi ikiyidwe." Akiye ndani? Woyendetsa amaganiza kuti ndi kapitawo, kapitawo amaganiza kuti ndi wamagetsi. Ngakhale "kiyani" wathu waulemuyu sasonyeza ngati akuuza munthu mmodzi kapena gulu. Nzeru ya loko ndi yoti amene alowetse dzanja ndi amene asunge kiyi m'thumba mwake, ndipo ngati alowetse manja ndi awiri, maloko akhalenso awiri. Izi zilembedwe poyera, chifukwa mwambo wathu umatikokera kukapereka kiyi kwa wamkulu.

Machenjezo

Pepala lija linali ndi mawu atatu m'mabokosi: DANGER, WARNING ndi CAUTION. Womasulira wofulumira onse atatu amawalemba CHENJEZO. Koma kwa opanga makina awa ndi makwerero. Loyamba, lomwe limakhala pofiira, likunena chinthu chomwe chipha kapena kuvulaza kwambiri mukapanda kuchipewa. Lachiwiri, la mtundu wa lalanje, likunena chomwe chitha kupha kapena kuvulaza kwambiri. Lachitatu, lachikasu, ndi la kuvulala kocheperako, monga kudzicheka ndi m'mphepete mwa sefa. Mukawaphwanya onse kukhala amodzi, chenjezo la nyundo limafanana mphamvu ndi la kukandika chala, ndipo wowerenga akaona CHENJEZO kachisanu amasiya kuliona. Ine ndinalemba NGOZI YA IMFA, CHENJEZO ndi SAMALANI, mitundu ndi zizindikiro n'kuzisiya momwe zinalili. Mutha kusankha mawu ena, bola akhale atatu osiyana, ndipo fakitale yonse igwiritse omwewo pa mapepala ake onse.

Chenjezo likhale pamwamba pa sitepe yomwe likuteteza, osati pansi pake kapena kumapeto kwa tsamba. Mkati mwake munene zinthu zitatu mwachidule: choopsacho, chomwe chingakuchiteni, ndi chomwe muchite. Pano ulemu wathu umatipusitsa. Timazolowera kuzungulira pa nkhani za imfa ndi kuvulala, ndiye dzanja limafuna kulemba kuti "pakhoza kuchitika zosakhala bwino". Lembani kuti "nyundo zidula dzanja". Ulemu ukhale pa "inu" ndi "-ni", koma "chonde" ndi "ndi bwino kuti" zichoke, chifukwa zimasandutsa lamulo kukhala pempho.

Liwu lina loti mulipewe ndi "simuyenera". "Simuyenera kuchotsa chotchingira lamba" wina amva kuti n'koletsedwa, wina amva kuti palibe chifukwa chovutikira, koma mutafuna mutha. M'pepala lija tanthauzo linali lachiwiri pa mzere wina ndi loyamba pa mzere wina. Choletsedwa lembani "Musachotse". Chosakakamiza lembani "Mutha kusiya chotchingira lamba pamalo pake."

Manambala alembeni ndi zilembo za manambala pamodzi ndi muyeso wake, ndipo muwayang'ane kawiri, chifukwa kadontho ka pa 0.8 kakasowa posindikiza mwapeza sefa ina. Samalani ndi "mphindi". "Dikirani mphindi zingapo" kwa munthu amene matumba akumudikira ndi kupuma kawiri basi. Nyundo n'zolemera, mota ikaima zimapitiriza kuzungulira, ndipo chakumapeto zimazungulira mwakachetechete moti khutu limanama kuti zaima. Ngati mwini pepala wapereka nambala, ikani nambalayo, koma pemphani kuti muwonjezere chooneka ndi maso: pule, gudumu lomwe lamba amayendapo, waima, sakusunthanso.

Zomwe simuyenera kukonza nokha

Mwaona, nanenso ndalemba "simuyenera". Apa ndikutanthauza kuletsa. Pomasulira mudzapeza mipata m'pepala lachingelezilo. Lija silinanenepo kanthu za magetsi akathima okha, chonsecho kuno n'zochitika. Magetsi akapita, chigayo chimaima, phokoso lonse zii, ndipo mnyamata amaona kuti mpata wosinthira sefa ndi umenewu, osapitanso kukhoma kuja. Pa makina ambiri, magetsi akabwera mota sidzuka mpaka wina adine START, koma pali ena akale kapena olumikizidwa mwachidule omwe amadzuka okha, ndipo ngakhale pa abwinowo mnzanu atha kudina posadziwa kuti muli mkati. Silinanenenso za zovala. Ku Dedza mu Juni ndi Julayi anthu amagwira ntchito atavala majekete a manja otaya ndi masikafu, ndipo lamba akagwira nsonga ya sikafu sabweza.

Musangowonjezera zimenezi m'Chichewa mokha. Lembani mafunso anu, muwapereke kwa amene anasaina pepalalo, kuti akavomera asinthe mapepala onse awiri. Lamulo la dziko lino la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pa ntchito limaika udindo wophunzitsa ndi kulangiza antchito pa olemba ntchito, ndiye mawu omaliza ndi awo. Pamwamba pa pepala lachichewa lembani nambala ya pepala lachingelezi lomwe mwamasulira ndi deti lake, kuti tsiku lomwe adzasinthe linalo adzadziwe kuti ilinso latsalira.

Titagwirizana, gawo loyamba la pepalalo linatuluka motere:

1. Siyani kuthira chimanga. Dikirani mpaka ufa usiye kutuluka.
2. Dinani batani lofiira lolembedwa STOP.
3a. Pitani pakhoma. Ikani swichi yaikulu pa OFF.
3b. Inu amene mulowetse dzanja, kiyani swichi yaikulu ndi loko wanu.
3c. Ikani kiyi m'thumba mwanu. Musapatse munthu wina, ngakhale kapitawo.
4. Pachikani chikwangwani cha dzina lanu pa loko.
5. Yang'anani pule wa ku chigayo. Dikirani mpaka pule aime, asasunthenso.
6a. Dinani batani lolembedwa START. Ngati pule wasuntha kapena mota yalira, siyani ntchito, itanani kapitawo. Ngati palibe chasuntha, pitani pa 6b.
6b. Dinani batani lolembedwa STOP.

NGOZI YA IMFA. Nyundo zozungulira zidula dzanja. Musatsegule chivindikiro ngati kiyi sali m'thumba mwanu. Magetsi akathima okha, yambanibe pa nambala 1.

7. Masulani mabawuti a chivindikiro ndi sipanala.

Sitepe 6a imadabwitsa anthu, ndipo womasulira wina angaganize kuti ndi kulakwitsa kwa wolemba n'kuichotsa. Ndi yoyesa ngati mwadula swichi yoyenera, chifukwa pakhoma pakakhala maswichi atatu ofanana n'kosavuta kukiya ya chigayo chokonola m'malo mwa chogaya. Imabwera pambuyo pa 5 mwadala: pule akadazungulira simungadziwe ngati wasuntha chifukwa cha batani lanu.

Kuyesa

Ambiri amayesa pomupatsa munthu wina kuti abwezere Chichewacho m'Chingelezi, n'kufananiza. Chitani, kumagwira nambala yosowa ndi mzere wodumphidwa. Koma "Tsegulani swichi yaikulu" ikabwerera m'Chingelezi imafanana ndendende ndi yoyamba ija, ndipo aliyense amasaina mokondwa. Mayeso enieni ali pa makina.

Pemphani wamagetsi adule ndi kukiya magetsi a nyumba yonse ya chigayo pa bolodi lalikulu, kuti chilichonse chomwe chilakwike chisavulaze munthu. Kenako tengani wantchito watsopano, osati katswiri, chifukwa katswiri amachita zomwe akudziwa kale osati zomwe pepala lanena. Ngati pafakitalepo pali ochokera tsidya la Mozambiki, monga zimakhalira chakumalire kuno kuyambira ku Dedza mpaka ku Lizulu ndi Tsangano, kapena amene kunyumba amayankhula Chiyao, mmodzi mwa iwo ayesekonso. Mpatseni pepala, achite zomwe akuwerenga, inu mukhale chete. Kukhala cheteko n'kovuta, pakamwa pamayabwa, koma mukangofotokoza kamodzi mwawononga mayeso, poti usiku wa pa shifiti inu simudzakhalapo. Ndipo musafunse kuti "mwamva?", chifukwa yankho lake ndi "eya" nthawi zonse, makamaka bwana ali chiimire pambali. Muziona mapazi ndi manja. Pomwe waima n'kubwereza mzere, pomwe wayang'ana mnzake, ikani chizindikiro pa pepala lanu. Bwerezani kachiwiri wina akuwerenga mokweza, winayo akuchita, popeza ena adzalandira malangizowa ndi khutu.

Pa mayeso athu mnyamata woyamba anayenda bwino mpaka pa 3c. Nthawi imeneyo mzerewo unkangoti "Sungani kiyi." Anakiya, n'kutenga kiyiyo kukamupachika pa msomali wa pafupi ndi chitseko pomwe pamakhala makiyi onse a fakitale, n'kubwerera kudzawerenga nambala 4. Kapitawo anafuna kukalipa, koma ndinamugwira mkono.

"Mwaikiranji pamenepo, achimwene?" ndinafunsa titamaliza.

"Paja ndi posungira makiyi, bwana. Pepala lati ndisunge."

Sanalakwe. Madzulo omwewo mzerewo unasintha kukhala wa thumba uja, ndipo m'mawa mwake tinayesanso ndi mayi wina wa kosokera matumba yemwe anali asanagwirepo chigayo. Iye anaima pa nambala 5, n'kufunsa kuti pule ndi uti mwa awiriwo, wa ku mota kapena wa ku chigayo. Tinawonjezera mawu atatu, "wa ku chigayo", kenako tinasindikiza pa zilembo zikuluzikulu, n'kuliika m'pulasitiki, n'kulikhoma pambali pa swichi yaikulu, pa msinkhu wa maso.